Adadula pa malipiro, koma kodi zidafika ku thumba la penshoni?

Kapepala ka malipiro kamene mumalandira kumapeto a mwezi kamangonena chinthu chimodzi: kuti ndalama ya penshoni yadulidwa. Sikanena kumene yapita. Anthu ambiri amadzazindikira kusiyana kwa ziwirizi ntchito itatha, atapita ku kampani yosunga penshoni n'kuuzidwa kuti abwana awo adaleka kutumiza kalekale.

Lamulo la penshoni la Malawi, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2011 n'kukonzedwanso mu 2023, limati wogwira ntchito azipereka zosachepera 5 peresenti ya malipiro ake, ndipo womulemba ntchito aziwonjezerapo zosachepera 10 peresenti. Zonsezi ziyenera kufika ku thumba pasanathe masiku 14 mwezi utatha. Za Janyuwale zikhale zitafika pofika pa 14 Febuluwale.

Tiyerekeze mayi wina wogwira ntchito ya ukalaliki, amene malipiro ake owerengera penshoni ndi K400,000. Pa mwezi amamudula K20,000, kampani n'kuika K40,000, zonse pamodzi K60,000. Asanalembe kalata iliyonse, mayiyu ayambe wapita ku kampani imene imasunga penshoni yawo, kaya ndi Old Mutual, NICO kapena ina, akapemphe sitetimenti ya akaunti yake. Atenge chiphaso chaunzika ndi nambala yake ya umembala. Akafika kunyumba ayale mapepala a malipiro pambali pa sitetimentiyo n'kufananiza mwezi ndi mwezi. Tinene kuti wapeza kuti kuyambira Marichi mpaka Okutobala palibe chidalowa. Imeneyo ndi miyezi 8, ndalama yake K480,000, ndipo K160,000 mwa imeneyi idachoka m'thumba mwake mwenimweni. Phindu limene ndalamayo ikadabereka lili padera.

Apa ndiye kalata imakhala ndi mano, chifukwa ikutchula miyezi ndi ndalama. Kalata yongoti "ndikumva kuti penshoni yathu siikupita" amaiyankha ndi pakamwa m'khonde kuti "tikuziona, mayi, musadandaule." Yolembedwa bwino imapita kwa mkulu woona za ogwira ntchito, ina yofanana nayo kwa mkulu wa zachuma, ndipo pamtima pake pamamveka motere:

"Bwana, mapepala anga a malipiro akusonyeza kuti mwakhala mukundidula K20,000 ya penshoni mwezi uliwonse. Koma sitetimenti yanga, yomwe ndaiphatika pano, ikusonyeza kuti kuyambira Marichi mpaka Okutobala sikudalowe kanthu, gawo langa ngakhale la kampani. Ndikupempha kuti pasanathe masiku 14 mundipatse mndandanda umene mudatumiza ku thumba mwezi uliwonse wosonyeza dzina langa ndi ndalama zake, pamodzi ndi umboni wa ku banki kuti ndalamazo zidalipidwa. Ngati sizidatumizidwe, mundiuze polemba tsiku limene mudzalipire."

Mapepala awiri akupemphedwawa amayendera limodzi, ndipo m'pomwe ambiri amapusitsidwa. Mndandanda wokha ndi pepala limene aliyense wa mu ofesi ya malipiro angasindikize lero lomwe. Risiti ya ku banki yokha imasonyeza chindalama cha kampani yonse, osanena kuti gawo lanu lilimo. Nthawi zina ndalama idapitadi, koma dzina lidalembedwa molakwika kapena nambala ya umembala idasokonekera, ndiye yangokhala ku thumbako yopanda mwini. Vuto lotere silivuta kukonza mapepala awiriwo akaikidwa pamodzi, n'chifukwa chake si nzeru kulemba mawu oti "mwandibera" m'kalata yoyamba. Lembani zimene manambala akunena, basi.

Popereka kalatayo, sindikizani ziwiri. Wolandirayo asayine ndi kudinda chidindo cha tsiku pa inayo, imeneyo mupite nayo kunyumba, osaisiya m'dirowa ya kuntchito. Ena amaopa kuti akafunsa awaona ngati ovuta, ndipo mantha amenewa ngomveka. Ngati muli angapo, sayinani kalata imodzi nonse, kapena idzere kwa atsogoleri a bungwe lanu la apantchito.

Masiku aja akatha kuli zii, kapena yankho likakhala lakuti "kampani ili pa mavuto a zachuma," nkhani ipite kwa Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Ofesi imeneyi ndiyo imayang'anira za penshoni, ili ndi mphamvu zolipiritsa chindapusa, ndipo idatulutsapo m'nyuzipepala maina a olemba ntchito osatumiza ndalamazi. Kumeneko adzafuna kuona mapepala a malipiro a miyezi imene ikusowayo, sitetimenti ya ku thumba, kalata yanu yodindidwa ija, ndi yankho la abwana ngati lidabwera.