Mizere iwiri, ana omwewo

Mphunzitsi wa Sitandade 2 akatulutsa ana asanu ndi atatu pabwalo n'kuwauza kuti, "Imani pamzere, wamfupi kutsogolo, wamtali kumbuyo," wodutsa angaganize kuti ana akusewera. Amenewo ndi masamu. Mwana asanawerengere kapena kuchotsera bwinobwino, amayenera kudziwa kusanja zinthu motsatana, ndipo thupi lake ndi chipangizo chophunzirira chomwe sichilira ndalama.

Kalasi yonse isatulukire limodzi pamzere. M'sukulu zathu zambiri kalasi imodzi imapitirira ana 60, ndipo mzere wotero umathera m'kukankhana. Ndi bwino kutenga ana asanu ndi atatu kapena khumi, enawo akhale pansi ngati oweruza, kenaka asinthane. Malo akhale osalala, nsapato zivulidwe, chifukwa mwana woima pakachulu kapena wovala nsapato za chidendene chokhuthala amaba msinkhu. Awiri akakanganirana malo, aime mofulatirana misana itagundana, mnzawo aike rula kapena buku pamitu pawo. Kumene bukulo lapendekera ndiye kuli wamfupi. Tsitsi lomanga m'mwamba silowerengedwa.

Mphunzitsi wanzeru apa amatseka pakamwa n'kutsegula maso. Ana ena amangoyerekezana awiriawiri: uyu wamfupi, uyu wamtali, basi akhutira. Mzere ukatha umaoneka wokwera, wotsika, wokweranso, chifukwa aliyense wayang'ana mnzake wa mbali imodzi yokha. Katswiri wa kaganizidwe ka ana wa ku Switzerland, Jean Piaget, anaona zomwezi popatsa ana timitengo tosiyana kutalika. Aang'ono ankatiika m'timagulu tiwiritiwiri kapena titatutitatu, ndipo ambiri ankafika posanja tonse mwadongosolo ali ndi zaka pafupifupi 7. Choncho mwana wa zaka 6 akalephera si kuti ndi mbuli, nzeru imeneyi ikungomera kumene.

Njira yodziwira ngati amvetsadi ndi kusunga mwana mmodzi pambali mpaka mzere utatha, kenaka n'kufunsa oweruza aja kuti, "Nanga uyu alowe pati?" Kuti ayankhe, ayenera kupeza malo amene wakutsogolo ndi wamfupi kuposa iye ndipo wakumbuyo ndi wamtali kuposa iye. Apa mwana amazindikira kuti munthu mmodzi angathe kukhala wamtali ndi wamfupi nthawi imodzi, malingana ndi amene waima naye. Funso lachiwiri ndi lozama pang'ono: "Woyamba ndi wamfupi kwa wachiwiri, wachiwiri ndi wamfupi kwa wachitatu. Kodi tiyezenso woyamba ndi wachitatu?" Mwana amene akuti ayi, n'kufotokoza chifukwa chake, wagwira mutu wa phunziro.

Komabe mzere wa msinkhu ndi wofewa, poti maso amathandiza. Phunziro lenileni lili pa mzere wachiwiri. Ana omwe aja amauzidwa kuti abalalike, kenaka aimenso motsata tsiku lobadwa, kuyambira Januwale mpaka Disembala. Tsopano maso alibe ntchito. Tsiku lobadwa silioneka pankhope, mwana ayenera kufunsa mnzake, kumva yankho, kulisunga m'mutu ndi kuliyerekeza ndi lake. Ayeneranso kudziwa kuti Meyi amabwera Juni asanafike, ndiye ndi bwino kuyamba mwatchulira limodzi miyezi yonse 12, n'kulemba maina ake pamakadi kapena pansi ndi kamtengo.

Tiyerekeze kuti ana asanu ali ndi masiku awa: 28 Febuluwale, 3 Malichi, 17 Malichi, 9 Ogasiti ndi 1 Disembala. Umu ndi momwe ayenera kuimira. Koma musadabwe kupeza wa pa 1 Disembala ali kutsogolo, wa pa 3 Malichi akumutsata, kenaka wa pa 9 Ogasiti, wa pa 17 Malichi, ndipo wa pa 28 Febuluwale ali kumapeto. Mzere umenewu si wachisawawa. Ana asanja bwinobwino manambala 1, 3, 9, 17 ndi 28, koma aiwala miyezi. Mphunzitsi akaona zotere asayambe kukoka ana pamkono n'kuwaika m'malo mwawo. Afunse kuti, "Chaka chikayamba, timayamba kufika pa tsiku la ndani?" Kenaka ntchito igawidwe pawiri: aliyense apite kaye pa khadi la mwezi wake, ndipo okhawo okumana m'mwezi umodzi, monga awiri a Malichi aja, ndiwo ayang'ane tsiku. Mwezi ndiwo uyamba kulamula, tsiku limangoweruza pamene miyezi yafanana. Lamulo lomweli adzalipezanso poyerekeza 28 ndi 31, pamene makumi amayamba kuonedwa asanaone manambala a kumapeto, komanso pofuna mawu mu dikishonale.

Mzere ukatha, mphunzitsi afunse amene anali kutsogolo poyamba kuti tsopano ali pati. Mwina wamfupi uja wapezeka kumapeto, wamtali ali pakati. Palibe amene watalika kapena kufupika, chasintha ndi lamulo losanjira. Kusinthaku kumapepuzanso mtima wa mwana wamfupi, amene anzake sachedwa kumupatsa dzina. Ndi chifukwa chake sindigwirizana ndi mphunzitsi amene amathera pa mzere wa msinkhu belu likalira, n'kusiya wachiwiri kuti adzauone tsiku lina.

Pali msampha wina umene umagwira ngakhale akuluakulu. Ana amaganiza kuti amene ali kutsogolo pa mzere wa masiku obadwa ndiye wamkulu. Sizili choncho, chifukwa chaka sichinawerengedwe. Ngati wa pa 1 Disembala uja anabadwa mu 2017 ndipo wa pa 28 Febuluwale anabadwa mu 2019, wa kumapetoyo ndi wamkulu ndi miyezi pafupifupi 15. M'makalasi mwathu, momwe ena anayamba sukulu mochedwa ndipo ena akubwereza, zoterezi n'zosasowa. Mzere wachitatu, wotsata ukulu, ungadikire makalasi apamwamba, ndipo uyendetsedwe mosamala kuti wobwereza asachite manyazi.

Nanga awiri akapezeka kuti anabadwa tsiku limodzi? Aime mogundana mapewa pamalo amodzi, kapena ana agwirizane okha lamulo lina, monga chilembo choyamba cha dzina. Ndipo izi zimachitika kawirikawiri kuposa momwe timaganizira. Masamu amasonyeza kuti pa anthu 23 okha, mwayi woti awiri ali ndi tsiku lobadwa lofanana umapitirira theka, ndipo pa anthu 60 umapitirira 99 pa 100. Kalasi yonse ikadzaima pamodzi, mphunzitsi akhale atakonzekera.

Chopinga chachikulu n'chakuti ana ambiri sadziwa tsiku limene anabadwa. Kumakomo ambiri tsikuli silikumbukiridwa, ndipo mwana akafunsidwa pagulu amangozyolika kapena kutchula la mnzake. Mphunzitsi ayambe waona mu rejisitala dzulo lake, alembere mwana aliyense kapepala ka tsiku ndi mwezi, kuti pasakhale woima pambali. Pamene rejisitala ilibe kanthu, atume mwana akafunse kunyumba.

Inu makolo, mwana akabwera ndi funso limeneli musamuyankhe kuti anabadwa nthawi yokolola. Tsegulani kabuku kake ka kusikelo, mumuuze tsiku, mwezi ndi chaka, ndipo mumulembere pachikuto cha kope lake.