Mwini Ali ku Manchester, Kampani Ili ku Kanengo

Tiyerekeze namwino wa ku Malawi amene akugwira ntchito ku Manchester, wasunga ndalama, ndipo akufuna kutsegula kampani ya malole ku Kanengo. Kulembetsa kwenikweniko sikumuvuta, popeza masiku ano mafomu amadzazidwa pa intaneti. Chimene chimamuimitsa ndi lamulo la makampani la 2013, limene limafuna kuti mmodzi mwa madairekitala akhale munthu wokhala m'Malawi muno.

Ku Britain kumene iye ali kulibe lamulo lotere. Dairekitala angathe kukhala dziko lililonse, bola kampani ikhale ndi keyala yolembetsa m'dzikomo. Ku India anachita kuwerengera masiku: dairekitala mmodzi ayenera kukhala m'dzikomo masiku osachepera 182 pa chaka. Malawi ali mbali ya India, ndipo m'pomveka, chifukwa boma limafuna munthu woti lingamupeze zinthu zikavuta.

Apa m'pamene ambiri amaphonya. Namwino uja amalemba dzina la achimwene ake, osati chifukwa amadziwa za mabuku a ndalama, koma chifukwa kuwadumpha kungabweretse mawu m'banja. Achimwenewo amasaina akuyesa kuti angobwereketsa dzina, chonsecho lamulo limawaona ngati woyendetsa kampani amene adzayankhe mlandu.

Ndiye kalendala imayamba kuyenda. Kampani ikalandira nambala ya msonkho ku MRA, msonkho wodulidwa pa malipiro a madalaivala uyenera kuperekedwa pofika pa 14 mwezi wotsatira. Ngati chaka cha kampaniyo chimatha pa 31 Disembala, fomu ya msonkho wa phindu iyenera kufika pasanathe masiku 180, kutanthauza kumapeto kwa Juni. Malole ngakhale ataima chaka chonse, fomuyo imafunikabe. Palinso ina ya chaka ndi chaka yopita ku ofesi yolembetsa makampani, imene achimwene ambiri sanaimvepo n'komwe.

Kusiyana kwakukulu kuli pa mmene mwini angadziwire kuti zinthu zasokonekera. Ku Britain munthu aliyense angatsegule tsamba la `Companies House` pa foni kwaulere n'kuona ngati kampani yachedwa kupereka malipoti ake a ndalama, ndipo chindapusa chimadziwikiratu: mapaundi 150 ikachedwa osapitirira mwezi, mpaka 1,500 ikapitirira miyezi isanu ndi umodzi. Kuno kwathu mwini wodalira mawu oti “zonse zili bwino” nthawi zambiri amadzidzimuka tsiku limene kampani ikufuna tenda, chikalata chosonyeza kuti ilibe ngongole ya msonkho n'kukanika kutuluka.

Namwinoyo sayenera kuchotsa achimwene ake. Chofunika n'kulemba akauntanti amene si wachibale, kusunga yekha mawu achinsinsi olowera pa `Msonkho Online`, ndi kupempha risiti ya MRA mwezi uliwonse asanatumize ndalama zina.