Tsiku ndi ndalama mu lipoti la Chingerezi: lembani zoti asachite kufunsa

Tiyerekeze kuti mlembi wa kalabu ya alimi ku Mchinji akutumiza lipoti ku bungwe la ku Amereka lomwe lidawathandiza ndi ndalama zogulira chimanga. M'lipotimo walemba mzere uwu:

`On 03/04/25 we spent K2.400,000 on 40 bags of maize (2000 Kgs).`

Chingerezi chake chilibe vuto, ndipo palibe tambala yomwe yasowa. Koma wowerenga kutsidya kwa nyanjako aima katatu, ndipo mlembi wosalakwa akhoza kuyamba kukayikiridwa.

Poyamba aima pa tsiku. Kuno kwathu timatsata kalembedwe ka ku Mangalande, koyamba ndi tsiku kenako mwezi, choncho 03/04/25 ndi pa 3 Epulo. Aku Amereka amayamba ndi mwezi, ndiye kwa iwo ndi pa 4 Malichi. Ngati ndalamazo zidafika pakati pa Malichi, lipotilo likuoneka ngati likunena kuti kalabu idagula chimanga ndalama zisanabwere. Vutoli limabisala chifukwa limaluma pa masiku 12 oyamba a mwezi okha. Palibe angasokonezeke ndi 15/04/25, poti kulibe mwezi wa 15, n'chifukwa chake munthu amalemba chonchi zaka zambiri osadziwa kuti akusocheretsa anzake.

Kompyuta nayo imagwa m'mbuna yomweyi. Ngati idatcheredwa mwa Chimereka, `Excel` imalandira 03/04/2025 ngati tsiku la m'Malichi, koma 15/04/2025 imaiona ngati mawu wamba. Mungadziwe poyang'ana mndandandawo: masiku ena atsamira kumanja, ena kumanzere. Mukaona zotero, musatumize.

Mankhwala ake ndi kulemba dzina la mwezi: `3 April 2025`. Mu tebulo kapena pa dzina la failo gwiritsani ntchito kalembedwe ka `ISO 8601`, koyamba ndi chaka, mwezi, kenako tsiku: `2025-04-03`. Ubwino wake wina ndi wakuti mafailo amadzisanja okha kuyambira akale.

Pa ndalama ndi pomwe ine ndimaumirira kwambiri. M'Chingerezi mpatuliro umalekanitsa masauzande, pomwe kadontho kamalekanitsa kwacha ndi tambala. Mlembi wathu wasakaniza ziwirizi, ndipo `2.400,000` sikudziwika ngati ndi mamiliyoni awiri ndi masauzande 400 kapena masauzande awiri ndi mazana anayi okha. Funso limeneli si lachibwana, chifukwa anansi athu a ku Mozambiki, omwe amalemba m'Chipwitikizi, amachita motembenuza: kwa iwo mpatuliro ndiwo umayambitsa tindalama tating'ono. Wa ku Tete akhoza kuwerenga nambala ija ngati masauzande awiri ndi mazana anayi, ndipo sangakhale atalakwa. Amene mumachita malonda kumalire, mukalandira lisiti la Chipwitikizi, tembenuzani zizindikirozo musanakopere m'lipoti la Chingerezi.

Chilembo `K` pachokha n'chokwanira m'kalata yopita kwa Mmalawi mnzathu. Koma Mchinji ali pafupi ndi Chipata, ndipo ndalama ya ku Zambia nayo ndi kwacha, yolembedwanso ndi `K`, ngakhale mphamvu zake n'zosiyana kutalitali ndi za yathu. Lipoti lodutsa malire lifunika zilembo zitatu zomwe mabanki amagwiritsa ntchito: `MWK` ya Malawi, `ZMW` ya Zambia, `USD` ya dola ya ku Amereka. Mukasintha makwacha kukhala madola, tchulani mtengo womwe mwasinthira ndi tsiku lake, apo ayi wowerenga achulukitsa ndi mtengo wa lero n'kupeza zosiyana ndi zanu.

Za miyeso n'zachidule. Chizindikiro cha kilogalamu ndi `kg`, zilembo zing'onozing'ono, chopanda `s` ngakhale makilogalamu achuluke bwanji, ndipo pakati pa nambala ndi chizindikiro pamakhala mpata. Mukayamba ndi maekala musasinthire ku mahekitala pakatikati, poti hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi 2.47.

Mzere uja ukakonzedwa ukhala chonchi:

`On 3 April 2025 we spent MWK 2,400,000 on 40 bags of maize (2,000 kg).`

Tsopano wowerenga angathe kudziyesera yekha: matumba 40 a makilogalamu 50 akupereka 2,000, ndipo thumba limodzi lagwa pa K60,000. Sizolakwika kulemba `MWK 2.4 million` m'ndime n'kusiya nambala yonse mu tebulo, bola muchite chimodzimodzi kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Mabuku a kalembedwe amasiyana pa zina, monga poyambira kulemba manambala m'zifaniziro m'malo mwa mawu. Ambiri amati kuyambira 10. Sankhani njira imodzi, muilembe papepala, muipachike muofesi. Ndipo musanasaine lipoti, liwerengeninso ulendo wina mukuyang'ana manambala okhaokha.