Pamene nthabwala ya Mngerezi yamveka ngati chipongwe

Nkhani yaifupi yonena za wophunzira amene wapita ku Britain n'kukhumudwa ndi mawu omwe eni dziko amati ndi macheza chabe imaoneka yosavuta kulemba. Mlendo wamva molakwa, wakwiya, wina wamufotokozera, onse aseka, nkhani yatha. Koma ikalembedwa motero imasanduka nthabwala yoseka mlendo, ndipo owerenga satolapo kanthu. Ine ndimaona kuti nkhani yotere imagwira mtima pokhapokha ngati wophunzirayo ali ndi zifukwa zomveka zokhumudwira, zoti ngakhale inu mukadakhala pamalo pake mukadapsa mtima.

Mawu amene amabweretsa chisokonezo chotere kawirikawiri ndi akuti "taking the mickey". Mngerezi akanena kuti wina akuchita zimenezi, akutanthauza kuti akusereula mnzake, akumuseka, mwina pomuyerekeza kayankhulidwe kapena pokokomeza kanthu kakang'ono komwe wachita. Mawuwa ali ndi ntchito inanso. Munthu akauzidwa kuti kapu ya tiyi ndi mapaundi asanu, kapena mnzake akachedwa ndi ola lathunthu osapepesa, amanena mawu omwewa kutanthauza kuti akumutenga ngati chitsiru, akumudyera masuku pamutu. Ndiye kuti mawu amodzi omwewo atha kutuluka ndi kumwetulira, athanso kutuluka ndi mkwiyo. Mlendo alibe njira yosiyanitsira ziwirizi poyang'ana mawu okha.

Za chiyambi chake, ambiri amaloza ku chiyankhulo cha anthu a kum'mawa kwa mzinda wa London, otchedwa Akokini. Iwo ali ndi chizolowezi chobisa liwu posankha mawu ena omveka mofanana nalo kumapeto, kenako n'kudula mbali yofananayo kuti wakunja asazindikire. Akuti pofuna kupewa liwu lotukwana lotanthauza mkodzo, lomwe limapezeka m'chiganizo china cha tanthauzo lomweli, ankatchula dzina loti Mickey Bliss, ndipo m'kupita kwa nthawi kunatsala dzina loyamba lokha. N'chifukwa chake mawuwa ndi aulemuko, oti agogo atha kuwanena pamaso pa adzukulu, pomwe anzake aja ndi a kumowa.

Tiyeni tiumbe nkhani yathu, yongopeka, tione momwe zinthuzi zimagwirira ntchito. Mpangankhani wamkulu akhale bambo wa zaka 34 yemwe kwawo ku Dedza anali mphunzitsi wa sekondale. Wapeza mwayi wokachita digiri yachiwiri ya chaka chimodzi mumzinda wina kumpoto kwa Mangalande, ndipo wafika mu Seputembala maphunziro akuyamba. Akukhala m'nyumba ya ophunzira momwe aliyense ali ndi chipinda chake koma khitchini ndi imodzi. Zaka zakezo ndi ntchito yakeyo zili ndi ntchito yaikulu m'nkhaniyi. Munthu uyu wazolowera kutchedwa aphunzitsi, ana kumulonjera ndi manja awiri, ngakhale mkazi wake kumuitana kuti bambo a uje. Pano mnyamata wa zaka 22 akumuitana ndi dzina lake loyamba, ndipo Chingerezi chilibe "iwe" ndi "inu" woti amve ngati akulemekezedwa. Chilonda chayamba kale nthabwala isanabwere.

Nthabwalayo ikhale pa kanthu kakang'ono. Kunja kuli madigiri 12, anyamata a konko akuyenda ndi malaya a manja aafupi, iye wavala chijasi chofika m'mawondo, chipewa ndi magolovesi. Tsiku loyamba mnyamata uja akufunsa, "Kodi lero ukukwera phiri la Everest?" Mawa lake akufunsanso ngati wafika pamwamba. Sabata ikamatha nyumba yonse ikumutcha wokwera mapiri. Tsiku lina bamboyo akuika supuni pansi n'kufunsa chomwe walakwa, ndipo mnyamatayo, modabwa, akuyankha ndi mawu athu aja, kuti amangomusereula basi.

Apa ndi pomwe mlembi ayenera kudekha, chifukwa chisokonezo chili ndi magawo awiri. Loyamba ndi la dzinalo. Miki yemwe mlendo akumudziwa ndi Mickey Mouse, mbewa ya m'makatuni a Walt Disney yomwe inayamba kuonekera mu 1928. Ndipo ku Britain dzina la mbewa imeneyi limagwiritsidwadi ntchito ponyoza chinthu chachabechabe. Mu 2003 Margaret Hodge, yemwe panthawiyo anali nduna yoona za maphunziro apamwamba, anatcha maphunziro ena a m'mayunivesite ndi dzina limeneli, ndipo manyuzipepala akhala akulibwereza kuyambira pamenepo. Munthu amene wasiya mkazi ndi ana kuti akatenge digiri, akamva dzina la Miki likutchulidwa pa iye, n'zomveka kuganiza kuti akunenedwa kuti iye ndi maphunziro ake omwe ndi zoseweretsa.

Gawo lachiwiri ndi la foni, ndipo alembi ambiri amaliiwala. Wowerenga wa lero adzafunsa kuti, nanga bwanji sanangofufuza tanthauzo lake? Mulekeni afufuze. Alowe m'chipinda, atseke chitseko, alembe mawuwo pafoni. Yankho lomwe alipeze ndi loti kuseka munthu, kumuchititsa kuoneka wopusa. Mtanthauziramawu sananame, koma wamupatsa theka la nkhani, ndipo theka limenelo latsimikizira mantha ake. Tsopano ali ndi umboni kuti mnyamata uja wavomereza yekha kuti amamunyoza. Kuyambira pamenepo akuphika usiku ena atagona, akudyera m'chipinda, akuyankha moni ndi mutu wokha. Akaimbira foni akulu ake kumudzi akungoti, "Achimwene, anthu kuno alibe ulemu, musandifunse zambiri."

Chomwe foni sinamuuze n'choti pakati pa Angerezi ambiri, makamaka anyamata, kusereulana ndi chizindikiro choti munthu walandiridwa. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu Kate Fox, m'buku lake la mu 2004 lotchedwa Watching the English, anafotokoza kuti anthu a kumeneko amaika nthabwala pafupifupi m'macheza alionse, ndipo amachita manyazi ndi munthu wodzitenga kukhala wofunika kwambiri kapena woonetsa chikondi poyera. Mnyamata amene sangathe kuuza mnzake kuti ndimakukonda amamupatsa dzina loseketsa. Amene sakumufuna amamupatsa ulemu wozizira: moni, zikomo, pepani, basi.

Izi si zachilendo kwenikweni kwa ife. Msuweni wako atha kukunena za mutu wako, za umbeta wako, za mbuzi zako zowonda, pamaso pa anthu, iwe n'kumangoseka ndi kubwezera, koma mawu omwewo atanena munthu wongodutsa m'njira ingakhale nkhani ya kwa amfumu. Ku Zambia Angoni ndi Abemba ali ndi chibale chotere, chomwe chimafika ngakhale pamaliro. A. R. Radcliffe-Brown analemba za maubale a nthabwala oterewa mu Africa mu 1940. Kusiyana kwake n'koti kwathu chilolezo chosereula chimadziwika pobadwa, aliyense amadziwa msuweni wake ndi mlamu wake. Ku Britain palibe amene amalengeza. Chilolezocho chimangomera pakati pa anthu okhala limodzi, ndipo mlendo sauzidwa tsiku lomwe chayamba. Mpangankhani wathu amadziwa kusereula bwino lomwe, chabe kuti sanadziwe kuti mnyamata uja wamuika kale m'gulu la anthu osereulana nawo.

Pampondachimera pa nkhaniyi pasakhale munthu woima n'kuyamba kuphunzitsa. Bamboyo aone yekha. Mwina mayi a mnyamata uja abwera kudzamuona, ndipo asanakhale n'komwe pansi ayamba kumuseka mwana wawo kuti chaka chonse akudya nyemba za m'chitini zothira pa buledi, mwanayo n'kumaseka kwinaku akuwakumbatira. Mwinanso bamboyo azindikire kuti m'nyumbamo muli wophunzira wina wosiya mbale zakuda yemwe aliyense amadandaula naye, ndipo ameneyo palibe amamusereula ngakhale kamodzi. M'mawa wotsatira, atavala chijasi chake, apeze mnyamata uja akutsegula chitini n'kumuuza kuti, "Iwe, ndikabwera kuphiri ndidzakuphunzitsa kuphika nyemba zenizeni." Kuseka komwe kubuke m'khitchinimo kukwanira, mlembi asawonjezerepo ndemanga.

Komabe nkhani yoona mtima siingathere pongonena kuti mlendo ndiye analakwa. Mawu omwewa ndi chishango chomwe anthu achipongwe amabisalako. Ndikadakhala ine wolemba, ndikadaikamo munthu wachiwiri, wa m'kalasi, amene amayerekeza katchulidwe ka Chingerezi ka bamboyo nthawi zonse akayankha funso, ndipo akadzudzulidwa amayankha ndi mawu omwe aja. Apa wophunzirayo sanamve molakwa. Kusiyanitsa anthu awiriwa n'kotheka. Mnyamata wa m'khitchini amaseka chijasi, chinthu choti munthu atha kuvula, pomwe winayo akuseka lilime ndi kochokera. Woyambayo amadzisekanso yekha ndipo akabwezeredwa amakondwa, koma wachiwiriyo akabwezeredwa nkhope imagwa. Chachikulu n'choti wosereula mwachikondi akaona kuti mnzake wapwetekedwa amaleka, ndipo nthawi zambiri amapepesa. Wachipongwe amapitiriza, n'kukunenanso kuti sudziwa nthabwala.

Malamulo a dzikolo amazindikira kusiyana kumeneku. Lamulo la mu 2010 loona za kusasankhana, lomwe limagwira ntchito ku Mangalande, Wales ndi Scotland, limakhudzanso mayunivesite. Limati khalidwe losafunidwa lokhudza mtundu wa munthu, khungu lake kapena dziko lomwe wachokera, ngati likumuchotsera ulemu kapena kumuchititsa manyazi, ndi nkhanza. Poweruza amayang'ana momwe wochitiridwayo anamvera komanso ngati n'zomveka kuti amve choncho, kotero kungonena kuti zinali nthabwala sikumupulumutsa munthu. Mlembi safunika kulowetsa khothi m'nkhani ya masamba anayi, koma kudziwa izi kumamuthandiza kuti asapeputse ululu wa mpangankhani wake.

Vuto lina la wolemba m'Chichewa ndi loti macheza onsewa amachitika m'Chingerezi. Njira yabwino ndi kulemba zokambirana zonse m'Chichewa, anyamata akuitanana "iwe" monga achitira anthu a msinkhu umodzi, n'kusiya chiganizo chimodzi chokhacho m'Chingerezi. Wowerenga akafika pamenepo amapunthwa pamodzi ndi mpangankhani, ndipo amamva kusungulumwa kwake popanda kuuzidwa. Mukadzaza tsamba ndi Chingerezi, chiganizo chija chimabisika pakati pa zinzake ndipo mphamvu yake imatha.

Kwa inu amene munaphunzirako kunja, kapena muli komweko pano, nkhani zotere muli nazo zambiri ndipo zimangothera pafoni ndi achibale. Sankhanipo imodzi, ya mawu amodzi omwe anakupwetekani musanawamvetse, muilembe m'Chichewa kuti amene akukonzekera ulendo chaka chamawa aiwerenge asanakwere ndege.