Mawu a wapampando zokolola zikalowa m'nyumba

M'maboma monga Mchinji, Kasungu ndi Dowa, soya amachoka m'munda mu Epulo ndi Meyi, mtedza n'kutsatira mpaka mu Juni. Pofika Julaye kapena Ogasiti matumba amakhala atalowa m'nyumba yosungiramo katundu ya kopaletivi, ena atanyamulidwa kale ndi malole a ogula. Apa ndi pamene komiti imaitana mamembala kuti adzathokozane ndi kudyera limodzi. Ena amasankha Loweruka loyamba la Julaye, lomwe ndi tsiku la makopaletivi pa dziko lonse, koma ambiri amadikira ndalama zogulitsa zilowe kaye. Odikirawo amaganiza bwino, chifukwa mlimi amene sanalandire chake samva kukoma mawu oyamikira, ngakhale oyankhulayo akhale wodziwa kusanja mawu.

Mwambo umayamba ndi pemphero, kenako wapampando amapereka ulemu motsata ndondomeko: a Gogo Chalo ngati abwera, magulupu, a nyakwawa, alangizi a zaulimi, atsogoleri a mipingo, ndiyeno "amayi ndi abambo, mamembala anzanga". Kudumpha mfumu imene inapereka malo omangapo nyumba yosungiramo katundu ndi cholakwa chomwe chimakambidwa m'mudzi mpaka dzinja. Koma gawoli ndi losavuta, aliyense wokulira kumudzi amalidziwa. Povuta ndi pa zimene zimatsatira.

Kopaletivi si kampani ya wapampando. Eni ake ndi omwe akhala pansi pa mtengo wa mangowo. Anagula masheya, ndipo pa msonkhano aliyense ali ndi voti imodzi, kaya anabweretsa matumba atatu kaya ngolo zisanu. Choncho wapampando akamati "zikomo", akuthokoza mabwana ake, ndipo bwana amafuna kumva momwe katundu wake wayendera. Mawu othokoza amene sanena kuti matumba analowa angati, anagulitsidwa kwa yani, pa mtengo wanji, amasiya anthu akunong'onezana pa mzere wa nsima.

Tiyerekeze kopaletivi ya alimi a soya yomwe yasonkhanitsa matumba 600 a makilogalamu 50, ndiye kuti makilogalamu 30,000. Ziwerengerozi ndi zongoyerekeza kuti tione mmene nkhani imafotokozedwera. Pa sikelo mlimi aliyense analandira K800 pa kilogalamu ngati malipiro oyamba. Kopaletivi inasunga soyayo miyezi iwiri n'kumugulitsa pamodzi pa K1,100. Kusiyana kwa K300 pa kilogalamu kwabweretsa K9,000,000. Wapampando wabwino satchula chiwerengero chimenechi n'kukhala chete kudikira nthungululu, chifukwa aliyense ayamba kuwerengera mumtima gawo lake pa ndalama zomwe zina zinapita kale. Amapitiriza pomwepo kunena kuti matumba opanda kanthu, lole, mlonda, aganyu osenza ndi chiwongoladzanja cha ngongole yogulira mbewuyo zadya K3,000,000. Pa K6,000,000 zotsala, K1,500,000 zikupita ku thumba losungira la kopaletivi monga mwa malamulo ake, ndipo K4,500,000 ndiyo bonasi, K150 pa kilogalamu. Mayi amene anabweretsa matumba 10 amadziwa nthawi yomweyo kuti zake ndi K75,000, ndipo akayang'ana pa lisiti lake amatha kutsimikiza yekha. Chotsala ndi kunena tsiku lolandira, tsiku lenileni, osati "posachedwapa".

Pali chinthu china chimene chimadanitsa anthu ngati sichinafotokozedwe pagulu. Mbewu imapepuka ikamauma, ndipo posankha pamachoka zinyalala, miyala ndi njere zoola. Makilogalamu olembedwa pogula kwa alimi safanana ndi olembedwa pogulitsa. Kusiyana kochepa n'kwachilengedwe, koma kukafika pa matumba makumimakumi ndiye kuti mwina kalaliki analandira mbewu yosauma, mwina sikelo ndi yokhota, mwina dzanja lina linalowa usiku. Msungichuma ayimirire anene kusiyanako ndi chifukwa chake anthu asanafunse.

Tsopano za kuthokoza kwenikweniko. Kunena kuti "nonse mwagwira ntchito yotamandika" sikukhudza munthu aliyense. Chimene chimafika pamtima ndi kutchula ntchito yake. Kwa alimi a mtedza, ogula akuluakulu amakana katundu chifukwa cha chuku, chomwe chimadza mtedza ukaunjikidwa wosauma kapena ukawazidwa madzi kuti makoko afewe poswa. Mtedza wa CG7 kapena Chalimbana ukadutsa pa mayeso a ogula popanda kubwezedwa, woyenera kuombedwa m'manja ndi amayi amene anaswa ndi manja ouma mpaka zala kuchita matuza, ndi amene anakhala pamphasa masiku ambiri akuchotsa njere zofota. Mlonda amene anagona pakhomo la nyumba yosungiramo katundu m'chisanu cha mu Juni atchulidwenso. Kawirikawiri mphatso ya khasu kapena nsalu imapita kwa wokolola zambiri, yemwe nthawi zambiri amangokhala wa munda waukulu. Ine ndikanakonda ipite kwa amene katundu wake sanabwezedwepo pa sikelo, kapena kwa kilabu yomwe yamaliza kubweza ngongole ya mbewu.

Nanga aja anagulitsa kwa mavenda? Ali pomwepo pamsonkhano, ndipo aliyense akuwadziwa. Wapampando wina amapezerapo mwayi wowalasa m'mawu, anthu n'kuseka, koma chaka chamawa sabweretsa ngakhale thumba limodzi. Ambiri mwa iwo sanachite mwano. Venda amafika pakhomo ndi ndalama m'manja pamene mwana wabwezedwa fizi kapena wina ali m'chipatala, pomwe kopaletivi ikuti ndalama zogulira sizinabwere. Mawu othandiza ndi kuvomereza kuti malipiro oyamba anachedwa, kunena chimene komiti ichite kuti chaka chamawa ndalama zidzakhalepo sikelo isanatsegulidwe, ndi kulola kuti bonasi ya K150 ija iyankhule yokha kwa amene sanailandire.

Si chaka chilichonse pamakhala bonasi. Mu 2024 ng'amba inapsereza mbewu mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 ali pa ngozi, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda m'chigawo cha kummwera. Chaka chotere mwambo usalephereke, koma usinthe: mbuzi isaphedwe, mawu ayambe ndi kupepesa amene minda yawo yapita, ndipo nkhani ya ngongole ikambidwe poyera kuti amene sanakolole adziwe ngati apatsidwa nthawi.

Chaka chabwino, mawu akatha, m'pamene ng'oma zimalira. Amayi amalowa m'bwalo ndi chimtali atavala nsalu zofanana, kwina mfumu imalola gule wamkulu kutuluka, thobwa likuyenda m'zikho. Pali nsima, mpunga, nyama ya mbuzi ndi nkhwani wotendera. Funso limene munthu mmodzi amafunsa ndithu, mokweza kapena chamumtima, ndi lakuti mbuziyo yagulidwa ndi ndalama za yani. Makopaletivi osamala amasonkhetsa padera: uyu mbale ya ufa, uyu nkhuni, uyu nkhuku, ena kandalama kogulira mchere ndi mafuta. Ngati ndalama zachokera m'thumba la kopaletivi, zikhale zoti msonkhano waukulu unavomereza, ndipo msungichuma azitchule pamodzi ndi za lole ndi za mlonda, chakudya chisanagawidwe.