Inshuwaransi ya galimoto ikakwera: kukhala kapena kusamuka?

Chaka cha inshuwaransi chikamatha, eni galimoto ambiri amadzidzimuka ndi kalata yowauza kuti alipire ndalama zambiri kuposa chaka chatha, pomwe sanachite ngozi iliyonse. Ena amathamangira ku kampani ina yooneka yotchipa, n'kudzazindikira pa tsiku la ngozi kuti anagula chitetezo choperewera.

Pa inshuwaransi yoteteza galimoto yonse, kampani imawerengera malipiro potengera mtengo wa galimotoyo. Ku Malawi galimoto ndi zipangizo zake zambiri zimachokera kunja, choncho kwacha ikagwa, monga idagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa galimoto ndi wokonzetsera umakwera, ndipo malipiro amatsatira. Chifukwa china n'chakuti amene anapempha chipukutamisozi m'chakacho amataya kuchotseredwa komwe makampani amapereka kwa osachita ngozi.

Mwachitsanzo, galimoto ya K10 miliyoni yolipiridwa pa 6 peresenti imadya K600,000 pachaka. Mtengo wake ukafika pa K14 miliyoni, malipiro amakhala K840,000, ngakhale peresenti ija sinasinthe.

Tsopano kampani ina itchule K700,000. Poyamba zimaoneka ngati mwini wapulumutsa K140,000. Koma ngati kampaniyo yawerengera pa mtengo wakale wa K10 miliyoni, ndiye kuti ikulipiritsa 7 peresenti, ndipo ndi yodula kuposa yakale ija.

Vuto lenileni limaoneka pa ngozi. Mapangano ambiri amanena kuti galimoto yotetezedwa pa mtengo wochepera mtengo wake weniweni imalipiridwa mwa gawo lomwelo. Kukonzetsa kukafuna K3.5 miliyoni, kampani ipereka magawo 10 mwa 14, omwe ndi K2.5 miliyoni. K1 miliyoni yotsalayo ituluka m'thumba la mwini.

N'chifukwa chake poyerekeza makampani, mwini galimoto ayenera kupempha kuti onse awerengere pa mtengo umodzi wa lero. Afunsenso za ekisesi, ndalama yomwe mwini amayamba walipira yekha pa ngozi iliyonse, chifukwa malipiro otsika nthawi zambiri amabwera ndi ekisesi yokwera. Ngati wakhala zaka osachita ngozi, atenge kalata yotsimikizira zimenezo kukampani yakale ndipo amve kaye ngati yatsopano ingamuchotsere.

Asanasamuke, ndi bwino kuonetsa kampani yakale mtengo wa inzake, popeza ina imatsitsa pofuna kusunga kasitomala. Akasankha kusamuka, atsimikize kuti kampani yatsopanoyo ili ndi chiphaso cha Banki Yaikulu ya Malawi, ndiponso kuti pangano latsopano liyamba lakale likangotha. Lamulo silola galimoto kuyenda pamsewu popanda inshuwaransi yoteteza anthu ena, ngakhale tsiku limodzi.