Kupempha ndalama za kachipangizo koyeza chinyontho m'nthaka

Wophunzira za uinjiniya wa ulimi akafika chaka chomaliza, kaya ku Bunda kaya ku sukulu ina ya ukachenjede, amayenera kupanga pulojekiti yake. Ambiri masiku ano amakopeka ndi kachipangizo koyendera mphamvu ya dzuwa, kamene kamayeza chinyontho m'nthaka n'kumasunga manambala pa memori khadi usana ndi usiku popanda munthu wokayang'anira. Koma zipangizo zake zimalira ndalama, ndipo ndalamazo zimatuluka pokhapokha mkulu wa dipatimenti atasaina. Apa m'pamene kalata yopempha thandizo imabwera, ndipo makalata ambiri otere amagwa pa chifukwa chimodzi: amatamanda kachipangizoko, osanena funso limene kadzayankhe.

Tiyerekeze kuti mtsikana wina akulembera a mkulu a dipatimenti yake. Akayamba ndi mawu akuti "ndikufuna kupanga makina amakono othandiza alimi," bamboyo kapena mayiyo adzangoika pepalalo pansi pa anzake, pakuti mawu otere amawawerenga chaka chilichonse. Chokoka maso ndi pempho lonena za munda weniweni. Mwachitsanzo: "Bambo, ndikupempha thandizo kuti ndiyeze ngati kuphimbira nthaka ndi mapesi kumasungadi chinyontho pa nthawi ya ng'amba ya mu Januwale ndi Febuluwale, poyerekeza ndi mizere yosaphimbira, m'munda wa chimanga wa pasukulu pano." Funso ili lili ndi mutu. Chimanga chimavutika kwambiri madzi akasowa pamene chikumasula ngaiyaye ndi ndevu, ndipo munthu wopita kumunda kamodzi pa sabata sangaone mmene nthaka ikuumira tsiku ndi tsiku. Kachipangizo kolemba mphindi 30 zilizonse kangaone.

Funso likamveka, mndandanda wa zogula umadzilemba wokha. Pafunika kabongo koyendetsa zonse, monga ESP32. Kawotchi kosataya nthawi, monga DS3231. Polowetsa memori khadi. Batire la mtundu wa 18650. Kapanelo kakang'ono ka sola ndi kachipangizo kotchajira. Ndiponso masensa okwiriridwa m'nthaka. Pa funso la mtsikanayu masensa ndi anayi pa kachipangizo kamodzi, awiri pophimbira, awiri posaphimbira, ena pa masentimita 10 ena pa 30, chifukwa pamwamba pamauma msanga pamene mizu ikadamwa pansi. Masensa otchipitsitsa, a timiyendo tiwiri tachitsulo tapamtetete, ndi osathandiza pa ntchito ya nyengo yonse: magetsi odutsa m'nthaka yonyowa amadya chitsulocho m'masabata ochepa. Abwinoko ndi aja okutidwa, amene chitsulo chake sichikhudza dothi, ngakhale nawonso ayenera kumatidwa m'mbali ndi kumutu kuti madzi asalowe.

Gawo limene ndimalifunafuna m'kalata yotere, ndipo kawirikawiri silipezeka, ndi la kuphunzitsa sensa kunena zoona. Sensa simadziwa chinyontho. Imangotulutsa mphamvu ya magetsi imene ESP32 imaisandutsa nambala ya pakati pa 0 ndi 4095, yokwera nthaka ikauma, yotsika ikanyowa. Nambala 2300 payokha siuza munthu kanthu, ndipo tanthauzo lake m'katondo si lomwelo m'dothi lamchenga. Choncho wophunzirayo ayenera kutapa dothi pafupi ndi sensa, kuliyeza pa sikelo, kuliumitsa mu uvuni wa mulabotale pa madigiri 105 kwa maola 24, n'kuliyezanso. Ngati lonyowa linali magalamu 120 ndipo louma latsala 100, madzi anali magalamu 20, ndiye kuti chinyontho ndi 20 pa 100 iliyonse ya dothi louma. Akachita zimenezi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kuyambira dothi louma gwa mpaka lonyowa kwambiri, amapeza mzere wosinthira manambala a sensa kukhala chinyontho chenicheni. Sensa iliyonse ichitidwe payokha, pakuti zotchipazi zimasiyana ngakhale zitachokera m'paketi imodzi.

Izi ziyenera kulembedwa m'pempholo chifukwa uvuni, sikelo ndi nthawi ya wothandiza mulabotale nazonso ndi chuma cha dipatimenti. Mkulu akaona kuti mwanayo wapempha masiku akutiakuti a uvuni, amadziwa kuti wailingalira ntchitoyo mpaka kumapeto. Popanda gawo ili, zotsatira zake ndi mizere yokongola yokwera ndi kutsika, imene palibe mphunzitsi angaivomereze ngati umboni.

Pa nkhani ya dzuwa, kungolemba kuti "kadzagwiritsa ntchito sola" n'kosakwanira. Aonetse masamu. Kachipangizoka kamagona nthawi yambiri, n'kumadzuka ka 48 pa tsiku. Tinene kuti kakadzuka kamagwira ntchito masekondi asanu pa 80 mA. Pa tsiku ndi mphindi zinayi zokha, zimene zimadya 5 mAh ndi kadontho. Chodabwitsa n'chakuti batire limathera kutulo. Ngati pogona kamakoka 0.2 mA, pa maola 24 ndi pafupifupi 5 mAh inanso, ndipo batire la 2500 mAh lingapirire miyezi popanda dzuwa. Koma mabodi ena ogulidwa okonzakonza amakokabe mpaka 10 mA ali mtulo, chifukwa cha kagetsi kofiira ndi tizipangizo tina tosazima. Pamenepo ndi 240 mAh pa tsiku, ndipo batire lomwelo lifa m'masiku khumi. Mitambo ya mvula ikakhazikika, kapena chimanga chikatalika n'kuphimba panelo, zolembedwa zimadukira pa nthawi yomweyo imene zinkafunika. Wanzeru amalonjeza kuyeza kukoka kwa magetsiku ndi mita asanapite kumunda, amakweza panelo pa mtengo wopitirira chimanga, ndipo amalembetsa mphamvu ya batire pambali pa chinyontho kuti vuto lidzaoneke lisanakule. Bokosi la batire likhale pamthunzi wa panelo, chifukwa batire la mtundu uwu silifuna kutchajidwa pa kutentha kopitirira madigiri 45.

Kumunda kuli adani ena. Mbewa zimatafuna mawaya, choncho adutse m'paipi. Dothi la makande likauma limang'aluka, sensa n'kutsala mumphepo, ndipo nambala imalumpha mwadzidzidzi ngati kuti nthaka yauma m'ola limodzi. Kuuma kwenikweni kumabwera pang'onopang'ono. Ndipo panelo yosiyidwa m'munda imaitana manja, motero malo oyandikana ndi mlonda ayenera kutchulidwa.

Bajeti ikhale ya mzere ndi mzere, mtengo uliwonse ndi koteshoni yake ndi tsiku lake. Zambiri mwa zipangizozi ndi zoitanitsa kunja, ndipo aliyense akukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mtengo wa miyezi itatu yapitayo ukhoza kukhala wabodza lero. Aikemo ndalama yotumizira katundu, msonkho, masensa awiri apadera, ndi kagawo ka zogwa mwadzidzidzi kolembedwa poyera, osati kobisidwa m'mitengo. Nthawi nayo aiwerenge chobwerera m'mbuyo: ngati masensa ayenera kukhala m'nthaka chimanga chikamadzalidwa ndi mvula yoyamba, katundu afike mu Seputembala, ndipo Okutobala akhale wa uvuni ndi kuyesa kachipangizoko panja kwa masabata awiri.

Ndime yomaliza inene chimene dipatimenti itsale nacho: kachipangizoko, mapulogalamu ake, manambala onse a nyengoyo, ndi mizere yosinthira ya dothi la m'munda umenewo, kuti wophunzira wa chaka chamawa adzakagwiritse ntchito kudimba pa nthawi yothirira. Pansi pake asaine mphunzitsi womuyang'anira, kalatayo isanafike pa tebulo la a mkulu.